Ndemanga pa LinkedIn: kodi nditsutse bwana poyera?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndine mlangizi wa ulimi wa kachewere kuno ku Dedza, ndipo ndikufuna kuti mabwana a makampani ogula mbewu andidziwe kudzera mu ndemanga pa zolemba zawo za pa LinkedIn.

Njira yanga ndi iyi. Ndimalemba msanga, ndemanga zisanachuluke, ziganizo zitatu kapena zinayi basi. Ndimatola mfundo imodzi ya bwanayo, n'kuwonjezerapo chimene ndaona m'munda, kenaka funso. Zongoti "mwalemba bwino bwana" zimangomira, palibe amatsegula mbiri yako chifukwa cha zimenezo.

Pandivuta ndi apa. Bwana wina walemba kuti zokolola zikuchepa chifukwa alimi sathira feteleza wokwanira. Koma minda yambiri kuno vuto ndi mbewu yobwereza chaka ndi chaka, yomwe imasunga matenda ofotetsa: mbewu imafota nthaka ili yonyowa, ndipo ukadula tsinde n'kuliviika m'madzi oyera mumatuluka utoto woyera. Feteleza sangachize zimenezo.

Ndiye ndinene poyera, kapena ndiwalembere kumbali? Kumbali kuli ulemu, koma ena ofuna alangizi sadzaona. Poyera ndikuopa kuwachititsa manyazi pamaso pa anzawo. Inu amene mumalemba anthu ntchito, chiganizo choyamba chiyambe bwanji kuti chisamveke ngati mwano?