Dzina la pa satifiketi lakonzeka, koma silinafanane ndi mizere ina

Wina yemwe akukonza dzina pa satifiketi mu Photoshop walemba kuti: "Ndafufuta dzina lolakwika lija, koma dzina latsopano likuoneka losiyana ndi mizere ina, ndipo pomwe ndinafufuta patsala banga loyera."

Bangalo likusonyeza kuti munafufuta pa chithunzi chenicheni cha satifiketi. Tsekani fayiloyo osasunga, mutsegulenso yoyamba ija ya PSD mu Photoshop, kenako muyang'ane pa `Layers`. Ngati dzinalo lili pa leya yokhala ndi chizindikiro cha `T`, palibe chofufuta: dinani kawiri pa `T`, musinthe chilembo cholakwikacho basi. Fonti, kukula ndi mtundu wake zitsala mmene zinalili.

Vuto limakula fayilo ikakhala JPG, chifukwa zonse zinamatana kukhala chithunzi chimodzi. Apa pangani leya yatsopano yopanda kanthu, mutenge `Clone Stamp Tool`, pa `Sample` muike `Current & Below`. Gwirani `Alt` n'kudina pamalo oyera pafupi ndi dzinalo, muziphimba zilembo pang'onopang'ono. Kupaka utoto woyera kumaoneka ngati chigamba, poti mapepala ambiri a satifiketi amakhala ndi timizere tosaoneka msanga.

Dzinalo mulilembenso lonse pa leya yakeyake. Kulowetsa chilembo chimodzi pakati pa zakale kumasokoneza mipata, ndipo diso limagwira nthawi yomweyo. Mtundu mutenge pakati penipeni pa chilembo chakale ndi `Eyedropper Tool`, osati m'mphepete mwake momwe umasuluka.

Yambani mwasindikiza pa pepala wamba, pa `100%`, ndipo muyerekeze dzinalo ndi chiphaso cha mwini wake, chilembo ndi chilembo.