Zija za malemba osokonekera zapezeka

Ndinafunsa kuti: "Bwanji ATmega328P yanga ikutulutsa zilembo zosamveka pa siriyo, komanso delay(1000) ikuchedwa chonchi?"

Anzanga, vuto silinali kirisito ya 16 MHz ija ayi. Chipu chatsopano chimabwera chikuyendera osileta yamkati ya 8 MHz, ndiye fyuzi ya CKDIV8 imagawanso ndi 8, kutsala 1 MHz basi, pomwe khodi yanga imawerengera 16 MHz. Nchifukwa chake siriyo imatulutsa zilembo zosamveka, ndipo kaLED kamayaka masekondi 16 m'malo mwa imodzi, ine nkumangoona ngati ndawotcha chipu.

Ndasintha fyuzi motere kuti chipu chiziyendera kirisito ya 16 MHz popanda kugawa ndi 8:

```
avrdude -c usbasp -p m328p -U lfuse:w:0xFF:m
```

Pano malangizo ambiri akutenga 62.5 ns lililonse. Koma ikanitu kirisito ndi makapasita awiri a 22 pF musanalembe fyuziyo, apo bii chipu chingokhala duu osayankha pulogalama.