Za agogo kuchipatala: ndalama zatsala za masiku awiri

Achemwali aakulu: Mwadzuka bwanji nonse. Ndalama tinasonkha zija zatsala zokwana masiku awiri okha, ndiye tikambirane lero lomwe amayi aang'ono asanayambe kugona ndi njala kuwodi kuja.

Malume: Zatha bwanji? Tinati ndi za masiku 10, lero ndi tsiku lachinayi. Bedi sitikulipira, dokotala sitikulipira, nde ndalama zapita kuti?

Achemwali aakulu: Malume ndatumiza chithunzi cha kope, chilichonse chalembedwa ndi malisiti ake. Chomwe chadya ndalama ndi tsiku loyamba. Galimoto yowanyamula agogo yokha inatenga ndalama ya masiku awiri chifukwa ndi ntchafu yothyoka sakanakhala pampando, anayenera kugona. Kenako beseni, ndowa, mapampasi, magulovu ndi mankhwala a ululu amene kufamase ya chipatala anatha, zimenezo zinatenganso ya masiku awiri. Kuphatikiza masiku anayi amene takhalawa ndiye 8 yapita, yatsala 2.

Amayi aang'ono: Ine ndili pano pabenchi, ndikuwerenga zonse. Achimwene mukamati sitikulipira kanthu muzikumbukira kuti gadiyani salandira chakudya cha odwala. Ndimadya zogula, komanso amayi zimene akulandirazo akungodya pang'ono nde ndimawapezera zina zofewa kuti amwere mankhwala. Sopo akutha msanga poti ndikuchapa zofunda mmawa ndi madzulo. Foni ndimatchajitsa ndi ndalama, mayunitsi oimbira inu nomwe ndi ndalamanso.

Mlamu: Pepani amayi, mukugwira ntchito yaikulu. Opaleshoni ati liti?

Amayi aang'ono: Ati masiku atatu akubwerawa. Koma mayi wa bedi loyandikana nafe anamuuzanso choncho, tsiku litafika kunabwera angozi nde anamusuntha mpaka sabata inayo. Amayinso BP ikakwera tsiku limenelo sawalowetsa.

Achemwali aakulu: Apo ndi pamene ndimafuna tifike. Tisawerengenso ngati poyamba paja kungoti aliyense aponye zomwe ali nazo. Ndatenga zonse zimene zimatuluka tsiku lililonse, chakudya cha gadiyani, chowonjezera cha agogo, sopo, mapampasi, mayunitsi ndi transipoti ya munthu mmodzi wopititsa zinthu, ndaphatikiza za masiku anayiwa nkugawa ndi 4. Imeneyo ndiye ndalama ya tsiku limodzi, ndaizunguliza ndi cholembera chofiira pa chithunzipo. Zonse tiziwerengera pamenepo.

Achemwali aakulu: Masiku ake ali chonchi. 4 takhala kale, 3 odikira opaleshoni, dokotala wati akachitidwa akhala pafupifupi 7, ndiye 14. Ndawonjezera 7 ina kuti mwina awasuntha kapena bala likachedwa kuuma. Tikonzekere masiku 21.

Malume: 21?? Dokotala wanena 7 inu mukuti 21. Nchifukwa chake ndikufunsa kuti ndalama zikupita kuti

Achimwene: Malume 7 yo imayamba kuwerengedwa akatuluka mu fiyeta. Masiku odikira gadiyani amadyabe. Zikatsala ndalama palibe amene adye, zibwerera kapena zipita ku mankhwala akunyumba.

Azakhali: Mulungu akhudze amayi athu 🙏🙏 Kodi chithunzi chija cha pa ukwati ali ndi nsalu yobiriwira ndani ali nacho, ndikufuna ndiike pa sitetasi

Wotsiriza: Ndili nacho azakhali ndikutumizirani kumbali

Azakhali: Zikomo mwana wanga. Paja mwana wa alamu uja mayeso anakhoza?

Mlamu: Anakhoza azakhali, tidzakamba bwino. Achemwali pitirizani, za mankhwala ogula kunja mwaika bwanji?

Achemwali aakulu: Apo ndi povuta chifukwa sitidziwa chimene chidzakhale chitatha kufamase. Amayi aang'ono anafunsa nesi wamkulu zimene kawirikawiri amalemba opaleshoni yotere ikachitika, anatchula zitatu: a ululu, opha tizilombo pa bala, ndi jakisoni woletsa magazi kuundana poti agogo azingogona osayenda. Jakisoniyo ndiye wodula, amabaya tsiku lililonse, ngati atalemba masiku 10 ndiye majakisoni 10. Mapiritsi akalemba katatu pa tsiku kwa masiku 7 ndiye 21, osati paketi imodzi ya 10 monga ena amaganizira. Ndafunsa mitengo mafamase awiri, ndaika ndalama ya masiku 5 pa mankhwala onse pamodzi ndi opita nawo kunyumba.

Achimwene: Bwanji tingogula onse mawa tikhale nawo, mitengo isanakwere

Amayi aang'ono: Ayi mwana wanga usagule kanthu popanda pepala la dokotala. Pa raundi ya mmawa amatha kusintha mankhwala, ndipo ogula kale kufamase sabweza. Ine akandipatsa pepala ndimayamba kaye ndafunsa mkati muno ngati alipo, akati mulibe mpamene ndimatuluka. Jakisoniyo tizigula wa masiku atatu atatu, koma opha tizilombo akangoyamba amafunika amalize onse nde ndalama yake ikhale pambali, isakhudzidwe.

Mlamu: Nanga tsiku lotuluka? Anthu timaiwala limenelo

Achemwali aakulu: Ndaika. Galimoto yobwerera kunyumba ulendo umodzi, kenako adzawaitana kukaonedwanso ndi kujambulidwa, kupita ndi kubwera. Maulendo atatu, uliwonse ndalama ya masiku awiri, ndiye 6. Komanso amayi aang'ono sangakhale masabata atatu okha, geni yawo yaima ndipo ana ali okha kunyumba. Kusinthana gadiyani ndi transipoti ya anthu awiri, wobwera ndi wopita, ndaika 2.

Achemwali aakulu: Tsopano phatikizani. 21 ya masiku, 4 ya tsiku loyamba lija, 5 ya mankhwala, 6 ya galimoto, 2 yosinthana, ndiye 38. Ndawonjezera 2 ya ndodo zoyendera ndi zimene amadula potumiza ndi potapa ndalama pafoni. Zonse 40. Nyumba tilipo 8, nyumba iliyonse ndalama ya masiku 5.

Malume: Ine ndinapereka kale. Ndikungofuna ndidziwe zija zinapita kuti basi

Achemwali aakulu: Malume munapereka ya masiku awiri monga tonse asanu tinachitira, ndipo ili mu kopemo. Kwa inu kwatsala 3. Nyumba zitatu zimene sizinaponyeko kanthu ndi 5 yathunthu. Sindikutchula maina, uthenga akuuwerenga, timizere tikuoneka tabuluu.

Achimwene: Akapanda kupereka ndiye 40 yo igwera ife asanu, masiku 8 aliyense. Za chaka chatha zija zisabwerezeke chonde, ena mpaka lero tikubwezabe ngongole

Azakhali: Tisayambe zimenezo amayi ali pabedi. Ine malipiro achedwa, ndipereka mwezi ukatha, koma ndikhoza kubwera kudzakhala gadiyani sabata yachiwiri

Amayi aang'ono: Kubwerako ndithokoza kwambiri achemwali, msana wanga wayamba kale kupweteka ndi kuwatembenuza. Koma mwezi ukatha ndi kutali, mapampasi atsala a mawa okha

Wotsiriza: Ine sindili pa ntchito koma zopititsa zinthu kuchipatala ndizipanga ndine tsiku lililonse, bola transipoti ikhalepo

Achemwali aakulu: Ili kale mu ndalama ya tsiku. Koma uzipita kamodzi, nthawi yoona odwala ya masana, amayi aang'ono azikutumizira zofunika mmawa raundi ikatha kuti usabwerere kawiri.

Malume: Chithunzicho chatseguka tsopano, netiweki inavuta. Mapampasi akudya ndalama chonchi?

Amayi aang'ono: Anayi kapena asanu pa tsiku achimwene, sangadzuke kupita kuchimbudzi

Malume: Chabwino. Nditumiza ya masiku awiri madzulo ano, inayo Lolemba. Awiri enawo ndiwaimbira ndekha, pa gulu pano sayankha

Mlamu: Yathu 3 ndatumiza, onani meseji achemwali

Achemwali aakulu: Yafika alamu. Amayi aang'ono ndikutumizirani ya masiku atatu pompano, ya mankhwala ndisunga ine mpaka dokotala alembe pepala. Malisiti muzingojambula madzulo aliwonse muziponya pano.