Denoising strength ikundisinthira mpando wa kasitomala

Wazikwangwani: Anzanga, ndatopa nazo. Kalipentala wina wandipatsa chithunzi cha mpando wa m'bawa chimene anajambulira m'shedi mwake, ndipo akufuna uoneke uli pabalaza powala bwino. Ndili pa img2img ya Stable Diffusion, pulogalamu ya AI yosintha chithunzi potsatira mawu amene walemba, Sampling steps 30, CFG Scale 7. Ndikaika Denoising strength, nambala ya kuchuluka kwa mmene chithunzi chisinthire, pa 0.35, malata ndi utuchi zikuonekabe, koma ndikafika pa 0.75, pabalaza pakukongola pamene miyendo yosema ija ikutuluka yowongoka. Tisindikiza mawa.

Wa ku Ndirande: Achimwene, kwezani CFG Scale ifike pa 14 kuti mawu anu amveke.

Mayi wa situdiyo: CFG Scale imalimbikitsa mawu, koma siisankha malo oti asinthe. Pa Denoising strength ya 0.35 makina akuyenda masitepe pafupifupi 10 mwa 30 aja, ndipo akuyamba chithunzi chisanafufutike kwenikweni, choncho shedi singachoke ngakhale mulembe bwanji. Vuto lanu ndi lakuti mukufuna nambala imodzi isunge mpando, yomweyonso igwetse khoma. Pitani pa Inpaint, pakani mpando wokha, sankhani Inpaint not masked, kenako kwezani Denoising strength mpaka 0.85. Kalembedwe kasinthenso: fotokozani chipinda, mpando musautchule, chifukwa mukautchula angakuonjezereni wina pambali.

```
bright living room, tiled floor, cream wall, window light from left
```

Ndalemba za kumanzere pongoganiza. Yang'anani kumene kuwala kukuchokera pa mpandowo, chifukwa mukalemba mbali yolakwika uoneka ngati womata.

Wa ku Ndirande: Zonsezo ndi zotaya nthawi. Ine ndimaika 14 tsiku lililonse.

Wojambula maukwati: Chenjerani ndi 14 ameneyo. Chaka chatha ndinakweza chomwecho pa chithunzi cha mkwatibwi, khungu linatuluka lonyezimira ngati pulasitiki, mitundu inapsa, ndipo banja linakana kulipira. Ine ndikadagwiritsa ntchito ControlNet ya Canny, Control Weight 1, kuti mizere ya mpando isasunthe.

Mayi wa situdiyo: Canny isungadi miyendo, bambo, koma igwiranso mizere ya malata aja mukapanda kuwafufuta kaye, ndipo siidziwa mtundu wa thabwa. Pa njira imeneyo mawu ayenera kutchula zimene mukufuna kusunga, monga kufiirira kwa m'bawa ndi nsalu ya pokhalira, apo ayi atulutsa mpando wotuwa umene kalipentalayo sanapange. Wogula akadzafika pashedi n'kupeza wosiyana ndi wa pachikwangwani, mlandu udzakhala wanu.

Wazikwangwani: Ndayesa Inpaint, mayi. Miyendo yasungika, koma mpando ukuoneka ngati ukulendewera chifukwa pansi palibe mthunzi, ndipo m'mphepete mwatsala mzere wakuda wa shedi ija. Kodi ndichepetse Mask blur kuchoka pa 4, kapena mthunziwo ndiujambule pamanja?

Wa ku Ndirande: Mukadakweza CFG Scale, mthunzi ukadabwera wokha.