Agogo a zaka 100: masiku awo ndi angati kwenikweni?

Nachisale: Anzanga oyendetsa miyambo, ndithandizeni. Banja lina landipempha kuti ndikalankhule pa phwando la agogo awo amene akukwanitsa zaka 100. Anabadwa pa 14 Malichi 1925. Ndikufuna kuyamba ndi chiwerengero cha masiku amene akhala ndi moyo, chifukwa zoti "zaka 100" aliyense adzakhala atanena kale ine ndisanaimirire. Ndinachulukitsa 365 ndi 100 n'kupeza 36,500. Mdzukulu wina ataona pepala langa anangoseka, akuti ndawabera agogo pafupifupi mwezi wathunthu poiwala zaka zimene Febuluwale amafika pa 29. Ndiwonjezere masiku angati? Phwando lili Loweruka pa 15 Malichi.

Mbewe: Wonjezerani 24, achemwali. Tsiku la 29 Febuluwale limabwera kamodzi pa zaka zinayi, ndiye pa zaka 100 akanakhala 25. Koma chaka chothera ndi 00 sichikhala nalo, choncho 2000 muichotse. Nenani 36,524.

Tembo: A Mbewe, lamulolo mwaligwira mutu, mchira mwausiya. N'zoona kuti chaka chothera ndi 00 chimalumphidwa, koma ngati chikugawika ndi 400 osatsala kanthu, tsikulo limakhalapo. 1900 inalibe, 2100 idzakhala ilibe, koma 2000 inali nalo. Amene anali kale pa ntchito nthawi imeneyo analemba deti ya 29 Febuluwale 2000 ndi manja awo.

Chifukwa chake n'chakuti dziko limazungulira dzuwa m'masiku 365 ndi maola ochepera pang'ono pa 6. Mukamawonjezera tsiku pa zaka zinayi zilizonse mumapyola ndi mphindi pafupifupi 11 pachaka, ndipo pa zaka 400 mphindizo zimakwana masiku atatu. N'chifukwa chake kalendala imene tikugwiritsa ntchitoyi, imene inayamba mu 1582, imataya masiku atatu pa zaka 400 zilizonse, osati anayi.

Tsono tiwerenge za agogowa. 29 Febuluwale woyamba pamoyo wawo anali wa 1928. Wotsiriza ndi wa 2024. Kuchotsa 1928 pa 2024 kutsala 96, kugawa ndi 4 ndi 24, n'kuwonjezera 1928 mwini wakeyo, akwana 25. Masiku ndi 36,525 pa tsiku lenileni lokumbukira kubadwa kwawo.

Mbewe: Ndagonja pa 2000. Nanga 24 uja ndinamutenga kuti ine?

Tembo: Sanali wabodza, anali wa anthu ena. Amene anabadwa mu 1880 n'kufika 1980 anadutsa 1900, ndiye ake anali 36,524. Mwana wobadwa chaka chino akadzafika zaka 100 adzakhala atadutsa 2100, nayenso 36,524. Koma okalamba amene tikuwachitira maphwando masiku ano, onse ndi 36,525.

Gondwe: Apo ndikukana pang'ono. Mu 2024 ndinayendetsa mwambo wa bambo wina wobadwa mu Juni 1924. 1924 inali ndi 29 Febuluwale, 2024 nayonso. Ndinawerenga chaka ndi chaka papepala, zinakwana 26. Ndinanena 36,526 ndipo anthu anawomba m'manja.

Tembo: M'manja anawomba, a Gondwe, koma munawapatsa tsiku limene sanalione. 29 Febuluwale wa 1924 anadutsa bambowo asanabadwe, poti anabadwa mu Juni. Musamawerenge zaka, muziwerenga masiku a 29 Febuluwale amene ali pakati pa madeti awiriwo. Akanabadwa mu Januwale 1924, wa 1924 akanalowa, koma wa 2024 akanatuluka chifukwa zaka 100 zikanakwana asanafike. Mulimonsemo mutsala ndi 25.

Gondwe: Mwamwayi mdzukulu wa masamu kunalibe tsiku limenelo.

Nyamkandawire: Pepani ndalowa mochedwa. Kodi agogowa ndi obadwa pa 29 Febuluwale? Ngati ndi choncho muli ndi nthabwala yaulere. Wobadwa pa 29 Febuluwale 1924 pofika 2024 anali ataona tsiku lake lobadwa ka 25 kokha. Mumangoti "mtsikana wa zaka 25 aimirire", anthu onse kuseka.

Nachisale: Ayi mayi, ndi a pa 14 Malichi. Nthabwalayo ndaisunga. A Tembo, pali njira yoti nditsimikizire ndekha? Mdzukulu uja akandifunsa sindingayankhe kuti ndinamva kwa a Tembo.

Tembo: Zilipo ziwiri. Mu Excel lembani izi, ikupatsani 36525. Ikaonetsa ngati deti, sinthani kabokosiko kuti kaonetse nambala.

```
=DATE(2025,3,14)-DATE(1925,3,14)
```

Yachiwiri ndi ya masiku a sabata. Gawani 36,525 ndi 7, mupeza masabata 5,217 n'kutsala masiku 6. Pa 14 Malichi 2025 ndi Lachisanu. Mukabwerera m'mbuyo masiku 6 kuchokera Lachisanu mufika Loweruka. Onani kalendala ya 1925, mupeza kuti 14 Malichi linalidi Loweruka. Chiwerengero cha a Mbewe chikanakufikitsani Lamulungu, pomwepo mukanadziwa kuti tsiku limodzi lasowa.

Koma samalani, mwati phwando lili pa 15. Pa tsikulo masiku adzakhala 36,526, osati 36,525.

Nachisale: Dikirani. Ngati anatsala 6, kuwonjezera limodzi ndi sabata yathunthu. Ndiye kuti pa phwandopo adzakhala atakwanitsa masabata 5,218 osatsala kanthu? Anabadwa Loweruka, phwando Loweruka?

Tembo: Mwaipeza nokha.

Nachisale: Basi, poyambira ndapapeza. Ndinena chonchi: "Agogo, munabadwa Loweruka, ndipo lero ndi Loweruka. Pakati pa Loweruka lija ndi la lero padutsa masiku 36,526. Mwa masiku amenewa, 25 ndi aja a pa 29 Febuluwale, amene kalendala inakupatsani ngati basera." Kenako ndipite ku nkhani za moyo wawo.

Nyamkandawire: Zokoma, koma chiwerengero chachikulu chikhale chimodzi chokha. Wina adzakuuzani kuti muwonjezere maola, kenako mphindi. Musalole. Agogo a zaka 100 mwina makutu ayamba kuvuta, ndipo manambala akachuluka anthu amayamba kuyang'ana mafoni. Chitchuleni pang'onopang'ono, mupume, muchibwereze mutawayang'ana iwowo.

Gondwe: Ine funso langa ndi lina. Deti ya 14 Malichi 1925 yachokera kuti? Okalamba ambiri amene ndawachitira miyambo, deti ya pa chitupa inali yongoyerekeza wolemba. Chaka amachidziwa, tsiku ayi. Mukaimirira n'kunena kuti anabadwa Loweruka, iwo n'kuyankha pamaso pa anthu kuti amayi awo ankati kunali Lachitatu, mudzathawira kuti?

Mbewe: Pa phwando palibe amene amafunsa umboni. Banja likati 14 Malichi, ife timatenga 14 Malichi.

Gondwe: Chiwerengero cha masiku angachilole, poti palibe amene amachikumbukira. Tsiku la sabata ndi lina, limenelo anthu amauzidwa ali ana ndipo amalisunga.

Tembo: Masamu anga amathera pa deti imene ndapatsidwa. Ngati detiyo ndi yongoyerekeza, nenani "masiku oposa 36,500" ndipo za Loweruka muzisiye.

Nachisale: Ndaimbira mwana wawo wamkulu. Akuti detiyo ili pa chitupa, koma sakudziwa ngati inachokera pa kalata ina yakale kapena pakamwa pa munthu. Akawafunsa agogo eni ake mawa m'mawa, nthawi imene amakhala ochangamuka. Pakadali pano ndalemba zoyambira ziwiri.