Jenereta ya chigayo chathu ija: zomwe tapeza

“Chigayo chathu kuno ku Mangochi chili ndi mota ya 22 kW ndipo jenereta ndi ya 40 kVA. Nanga bwanji tikayatsa chigayo magetsi akathima, jeneretayo imatsamwa n’kuzima?”

Limeneli ndi funso lomwe ndinafunsa mwezi watha, ndipo tsopano ndabwera kudzakudziwitsani kuti vuto linali pa kawerengedwe kathu. Mota ikamayenda imakoka ma ampu pafupifupi 41, omwe pa muyeso wa mphamvu ya jenereta ndi 28 kVA, koma poyidzutsa mwachindunji imakoka kuchulukitsa kasanu ndi kamodzi, pafupifupi 170 kVA, choncho mphamvu ya magetsi inkatsika kwambiri mpaka kontakita, swichi yolumikiza mota ku magetsi, kumachita phokoso ngati mano a munthu wozizidwa, kenako n’kulekerera.

Amisiri anatiikira sitata ya sitala-delita, chipangizo chodzutsa mota ndi mphamvu yochepa mu sitala kenako n’kuipatsa mphamvu yonse mu delita, chimene chimatsitsa 170 kVA ija kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, pafupifupi 57 kVA, ndipo tinagula jenereta ya 80 kVA. Ena ankati ya 60 kVA ikwanira, koma ine ndinakana, chifukwa injini ya dizilo yokhala ndi tabo simatha kulandira katundu wake wonse nthawi imodzi: tabo imachedwa kukankha mpweya, liwiro limagwa, utsi wakuda n’kutuluka. Kutentha kwa kuno kunyanja mu Okutobala nakonso kumaifooketsa.

Sitinapitirire 80 kVA, popeza injini yogwira ntchito yosakwana 30 peresenti ya mphamvu yake imayamba kudontha mafuta akuda ku ekizozi. Pano timadzutsa chigayo chilibe chimanga m’kati, ndipo chokonolera timachiyatsa pokhapokha mota yaikuluyo italowa mu delita ndi kukhazikika.