Tomato wa kudimba uja wayamba kubereka

Ndinafunsa kuti: "Tomato wanga kudimba kuno ku Domasi wangochuluka masamba, maluwa akuyoyoka. Ndimathira yureya. Manambala a pathumba la feteleza amatanthauza chiyani?"

Zikomo nonse amene munandiyankha, makamaka mayi aja a ku Thondwe amene anati ndiwerenge thumba ndisanatulutse ndalama. Manambala atatu aja amayenda motsatana: yoyamba ndi nayitrojeni wa masamba, yachiwiri fosiforasi wa mizu, yachitatu potaziyamu wothandiza zipatso, ndipo iliyonse imanena kuchuluka kwake pa 100. Yureya ndi 46:0:0, kutanthauza kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitrojeni, zinazo mulibe. Ndiye kuti ndinkadyetsa masamba okhaokha.

Pa mbande zachiwiri ndinatsata malangizo anu. Ndinatsala pang'ono kutenga 23:10:5 wotsala kuchimanga, koma nambala yake yomaliza ndi yochepa, choncho powokera ndinathira D kompaundi wa 8:18:15. Yureya ndinangothira pang'ono patatha masabata atatu. Mitengo ya tomatoyu ndi yaifupiko kusiyana ndi poyamba, koma maluwa agwira, ndipo dzulo ndawerenga zipatso pa phava lachitatu.

Chimodzi ndinalakwitsa ndekha. Mzere woyamba ndinathira feteleza mogunda tsinde, ndipo patapita masiku awiri masamba a m'munsi anapsa m'mbali, mbande zinayi n'kufota. Mizere inayo ndinaboola kadzenje motalikira ngati zala zinayi, n'kukwirira, kenako n'kuthirira, ndipo palibe inapsa.